Mvula ya Lero ndi ya Mawa: Masamu a M'mbale Ziwiri za Nyemba

Ana inu a ku Ntcheu, mwezi wa Januwale mumaudziwa bwino. Amayi abwera kuchigayo ndi ufa wonyowa, mphasa ili kale m'manja, koma asanayale amaima pakhomo n'kuyang'ana kumapiri a kumalire ndi Mozambiki. Kumeneko kukada, mphasa imabwerera m'nyumba. Ndiye mumamva agogo ali pakhonde akunena kuti, "Mvula iyi ndi ya mvumbi, mawanso ibwera. Usavutike n'kuyanika."

Agogo sanapite kusukulu ya zanyengo, koma zimene akunenazo n'zoona. Tsiku la mvula limakonda kutsatidwa ndi linzake la mvula, ndipo dzuwa likawala lero, mawa likhoza kuwalanso. Lero ndikufuna tisandutse nzeru ya agogoyi kukhala manambala anayi okha. Ndi manambala anayiwo tiyankha funso ili: pa masiku ambirimbiri a dzinja, ndi angati amene adzakhale a mvula, ndi angati a dzuwa? Pezani kope, pensulo, mbale ziwiri ndi nyemba zodzaza manja.

Choyamba tigwirizane lamulo. Tsiku lililonse tilipatsa chilembo chimodzi. Ngati mvula yagwa, tilemba M. Ngati siinagwe, tilemba D, kuimira dzuwa, ngakhale kutakhala mitambo tsiku lonse. Kuti pasakhale mkangano, ikani chitini pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo muzichiyang'ana m'mawa uliwonse pa nthawi imodzimodzi. Mukapezamo madzi, dzulo linali M, ndipo mutaye madziwo. Chikakhala chouma, dzulo linali D. A nthambi yoona zanyengo amachitanso chimodzimodzi, kungoti chitini chawo chili ndi muyeso wa mamilimita.

Masiku ali m'munsimu ndawapanga ndekha kuti tiphunzirirepo. Tiyerekeze kuti ndi kope la mwana wa Sitandade 7 wa ku Tsangano, ndipo walemba masiku onse 31 a Januwale:

```
MMMM D MM DDD MMMMMM DD M D MMMMM DDD MMM
```

Tsopano apa ndi pamene pali chinsinsi. Sitiwerenga masiku limodzilimodzi. Tiwerenga awiriawiri: lero ndi mawa lake. Ikani chala chimodzi pa chilembo choyamba, china pa chachiwiri. Mwagwira M ndi M. Sunthani zala zonse ziwiri kamodzi: M ndi M kachiwiri. Sunthaninso: M ndi M. Sunthaninso: tsopano mwagwira M ndi D, mvula yakata. Pitirizani choncho mpaka kumapeto, mukulemba kamzere pa mtundu uliwonse umene mwaupeza. Masiku ndi 31 koma mupeza mapeya 30, chifukwa tsiku lomaliza lilibe mawa lake m'kopemo. Mukapeza 29 kapena 31, chala chadumpha penapake, yambiraninso.

Mukawerenga bwino mupeza kuti mvula inatsatidwa ndi mvula ka 15, ndipo inatsatidwa ndi dzuwa ka 5. Dzuwa linatsatidwa ndi mvula ka 5, ndipo linatsatidwa ndi dzuwa linzake ka 5.

Tiyang'ane kaye masiku a mvula. Amene ali ndi mawa lake alipo 20. Pa 20 amenewa, 15 anabweretsa mvula inanso. 15 pa 20 ndi chimodzimodzi 3 pa 4. Otsala 5 pa 20 ndi 1 pa 4, kota. Masiku a dzuwa alipo 10, ndipo anagawana pakati: theka linapita ku mvula, theka linakhalabe pa dzuwa. Tiike zonsezi m'katebulo:

```
          mawa M   mawa D
lero M     3/4      1/4
lero D     1/2      1/2
```

Katebulo aka akatswiri a masamu amakatcha matirikisi ya kasinthidwe. Dzina lisakuopseni, kawerengedwe kake n'kosavuta. Mumayamba kumanzere, kupeza mzere wa lero, kenako kuyenda chopingasa kupita kumanja. Lero kwagwa mvula? Tengani mzere wapamwamba: mwayi woti mawa igwanso ndi 3 pa 4. Lero kwawala? Mzere wapansi: mwayi wa mvula mawa ndi theka. Ndipo pali njira yodziwira ngati mwalakwitsa. Mukaphatikiza manambala a mzere umodzi chopingasa, yankho liyenera kukhala 1 ndendende. 3/4 kuphatikiza 1/4 ndi 1. Theka kuphatikiza theka ndi 1. Chifukwa chake n'chakuti mawa liyenera kukhala china mwa ziwirizi, palibe kwina kothawira. Koma mukaphatikiza chotsitsa, 3/4 ndi 1/2, simupeza 1, ndipo palibe vuto. Ana ambiri amasokonezeka pamenepa n'kuyamba kufufuta manambala abwinobwino.

Nyengo yoyenda motere, tsiku lililonse likukoka linzake ngati mmene timaso ta tcheni cha njinga timakokerana, imatchedwa tcheni cha Markov. Lamulo la tcheni chimenechi ndi limodzi: kuti udziwe mwayi wa mawa, umangofunsa za lero. Za dzana ndi za sabata yatha tebulo silifunsa.

Tsopano funso lathu lija. Wina anganene mofulumira kuti, "Masiku a mvula ndi 3 pa 4, nambala yake ndi iyo ili pamwambayo." Ayi. 3 pa 4 ndi mwayi wa mvula pambuyo pa tsiku la mvula pokha. Pambuyo pa dzuwa mwayiwo ndi theka chabe. Yankho lenileni lili penapake pakati pa theka ndi 3 pa 4, ndipo nyemba zitithandiza kulipeza.

Werengani nyemba 96. Mbale imodzi muitche M, ina D. Nyemba iliyonse muiyese mudzi wakewake umene nyengo yake ikutsata tebulo lathu. Tiyambe ndi tsiku limene kwawala ponseponse: nyemba zonse 96 zili m'mbale ya D, mbale ya M ilibe kanthu.

Lamulo la masewera likuchokera m'tebulo. Tsiku lililonse muzitapa kota ya nyemba za m'mbale ya M ndi dzanja lina, ndi theka la nyemba za m'mbale ya D ndi dzanja linalo. Zonse zikakhala m'manja, ndiye musinthanitse: za ku M zipite ku D, za ku D zipite ku M. Chonde musathire za dzanja loyamba musanatape za lachiwiri. Mukatero nyemba ina idumpha kawiri tsiku limodzi ndipo manambala asokonekera.

Tsiku loyamba, mbale ya M ilibe chopereka. Mbale ya D ipereka theka la 96, ndiko kuti 48. Tsopano M ili ndi 48, D ili ndi 48. Tsiku lachiwiri, M ipereka kota ya 48, ndiyo 12, ndipo D ipereka theka la 48, ndiyo 24. Mukasinthanitsa, M ili ndi 60, D ili ndi 36. Tsiku lachitatu, M ipereka 15, D ipereka 18, ndipo M ifika pa 63, D itsika pa 33. Mwaona? Poyamba mbale ya M inalumpha kwambiri, kenako pang'ono, kenako pang'ono zedi, ngati basi imene ikufika pa siteji. Tsiku lachinayi mufunika kuswa nyemba ndi mano, ndiye tiimire pomwepa. M ikuyandikira 64, D ikuyandikira 32.

Yesaninso mbali ina. Thirani nyemba zonse 96 m'mbale ya M, ngati tsiku limene mvula yagwa boma lonse kuyambira ku Lizulu mpaka ku Manjawira. Tsiku loyamba M ipereka 24, itsala ndi 72, D ikhala ndi 24. Tsiku lachiwiri M ipereka 18 n'kulandira 12, ikhala ndi 66, D ikhala ndi 30. Tsiku lachitatu, mukawerengera papepala, M ifika pa 64 ndi theka. Ndi malo omwe aja! Tinayamba ndi dzuwa, tinafika pa 64 ndi 32. Tayamba ndi mvula, tafikanso pa 64 ndi 32. Pakangopita masiku atatu kapena anayi, tcheni chimakhala chaiwala kumene chinayambira.

Ine chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Ikani dala nyemba 64 ku M ndi 32 ku D, ndipo musewere tsiku limodzi. Kota ya 64 ndi 16. Theka la 32 ndi 16. Dzanja lamanja lanyamula 16, lamanzere lanyamula 16. Mukasinthanitsa, mbale zili monga zinalili. Nyemba sizinaleke kuyenda, 32 zasamuka ndithu, koma zotuluka zafanana ndi zolowa. Zili ngati pamjigo m'mawa: amayi ena akuchoka ndi ndowa pamutu, ena akufika, koma ukayang'ana mzere uli utali womwewo.

64 pa 96 ndi 2 pa 3. Choncho ngati nyengo ikutsata tebulo lathu, pa masiku ambiri, awiri pa atatu aliwonse adzakhala a mvula, limodzi la dzuwa. Pa masiku 90, a mvula adzakhala pafupifupi 60. Sindikunena kuti pa masiku atatu alionse otsatizana mudzapeza awiri a mvula. Sabata ina idzagwa yonse, sabata ina kudzawala kwambiri. Koma mukaunjika masiku ambiri pamodzi, gawo la mvula limayandikira 2 pa 3.

Kodi pali njira yachidule yopanda nyemba? Ilipo, ndipo ikuchokera pa kufanana kwa zotuluka ndi zolowa kuja. Mbale ya M ili ndi khomo laling'ono lotulukira, kota. Mbale ya D ili ndi khomo lalikulu, theka, lomwe ndi makota awiri. Kuti zotuluka mbali zonse zifanane, mbale ya khomo laling'ono iyenera kusunga nyemba zochuluka kawiri kuposa inzake. Magawo awiri ku M, gawo limodzi ku D, onse pamodzi atatu. Tikatcha mwayi wochoka ku mvula kupita ku dzuwa a, ndi wochoka ku dzuwa kupita ku mvula b, lamulo limalembedwa motere:

```
gawo la M = b / (a + b)
gawo la D = a / (a + b)
```

Kwa ife a ndi kota imodzi, b ndi makota awiri, pamodzi makota atatu. Gawo la M ndi 2 pa 3. Onetsetsani kuti pamwamba pa gawo la M pali b, khomo lolowera ku mvula, osati a. Mukatembenuza mupeza kuti mvula ndi 1 pa 3, ndipo kope lidzakutsutsani, chifukwa zilembo za M ndizo zachuluka mmenemo.

Apa mwana wochenjera akweza mkono: "Aphunzitsi, bwanji osangowerenga ma M m'kopemo? Alipo 21 pa 31, ndipo ndi pafupifupi 2 pa 3 yomweyo." Funso labwino, ndipo mwanayo akunena zoona. Kufanana kumeneku kukutitsimikizira kuti sitinalakwitse. Koma tebulo limatiuza chinthu china chimene kuwerenga wamba kumabisa.

Tiyerekeze mudzi wina, kumunsi ku chigwa cha Bwanje, umene tebulo lake ndi losiyana. Manambala awanso ndi ongophunzirira. Kumeneko mvula ikayamba, mwayi woti ikate mawa ndi 1 pa 10. Dzuwa likayamba, mwayi woti mvula ibwere mawa ndi 2 pa 10. Gwiritsani lamulo lija: 2 pa 2 kuphatikiza 1, ndiko kuti 2 pa 3. Gawo la mvula n'lofanana ndendende ndi la mudzi woyamba uja wa ku Tsangano. Munthu wongowerenga zilembo anganene kuti midzi iwiriyi ili ndi nyengo imodzi.

Koma funsani mlimi. M'mudzi woyamba, khomo lotulukira ku dzuwa ndi 1 pa 2, choncho dzuwa likabwera limakhala masiku awiri, tikatenga pakatikati. Yang'anani m'kope: masiku 10 a dzuwa agawika m'magulu asanu, 10 kugawa ndi 5 ndi 2. M'mudzi wachiwiri khomolo ndi 2 pa 10, kapena 1 pa 5, ndiye dzuwa limakhala masiku asanu, ndipo mvula ikayamba imakhala masiku khumi. Mungotembenuza nambala ya khomo, yapansi ipite pamwamba, mwapeza utali wa ulendo. Kwa amayi oyanika ufa, masiku asanu a dzuwa ndi mdalitso. Koma kwa mlimi wa mbatatesi kapena tomato amene akuyembekeza kukagulitsa pamsika wa Lizulu, masiku khumi a chinyontho osalekeza ndi amene amabweretsa chiwawu, masamba n'kuda n'kuwola, ndipo alibe tsiku louma loti apopere mankhwala. Masiku a mvula ndi ofanana kuchuluka kwake, koma kakhalidwe kake n'kosiyana, ndipo tebulo lokha ndilo laonetsa zimenezi.

Mwini dzina la tchenichi anali Andrey Markov, katswiri wa masamu wa ku Russia, amene anabadwa mu 1856 n'kumwalira mu 1922. Iye sanayambe ndi mvula. Mu 1913 anatenga buku la ndakatulo la Alexander Pushkin lotchedwa Eugene Onegin, n'kuwerenga malembo 20,000 ndi dzanja, wopanda makina. Lembo lililonse analiika m'gulu la malembo a liwu kapena la opanda liwu, monga mmene ife tachitira ndi M ndi D, n'kuwerenga awiriawiri. Anapeza kuti pambuyo pa lembo la liwu, lembo lopanda liwu limabwera ka 872 pa 1,000. Pambuyo pa lembo lopanda liwu, la liwu limabwera ka 663 pa 1,000. Yesani lamulo lathu: 663 kugawa ndi 1,535 ndi pafupifupi 43 pa 100. Malembo a liwu amene anawapeza anali 8,638 pa 20,000, ndipo ndi 43 pa 100 yomweyo. Mukhoza kuyesa zimenezi ndi tsamba limodzi la buku lanu la Chichewa, poona a, e, i, o, u ndi malembo enawo. Za mvula zinabwera pambuyo pake: mu 1962 akatswiri awiri, Gabriel ndi Neumann, anaonetsa kuti masiku a mvula ndi ouma a mumzinda wa Tel Aviv amatsata bwino tcheni chotere.

Koma tebulo lili ndi malire ake, ndipo ndikufuna muwadziwe kuti lisadzakunamizeni. Tebulo la Januwale ndi la Januwale. Mukasakaniza masiku a Januwale ndi a Seputembala m'kope limodzi, mupeza manambala amene si a dzinja komanso si a chilimwe, ndipo sathandiza aliyense. Komanso mapeya 30 ndi ochepa. M'kope lathu masiku a dzuwa ndi 10 okha, ndiye peya limodzi lokha litasintha, theka lija likhoza kusanduka 4 pa 10 kapena 6 pa 10. Odziwa ntchitoyi amasonkhanitsa ma Januwale a zaka zambiri asanakhulupirire manambala awo.

Malire aakulu kwambiri ndi kuiwala kuja. Tebulo limangofunsa za lero. Malinga ndi tebulo lathu, dzuwa likawala lero, mwayi woti liwalenso masiku khumi otsatizana ndi theka kuchulukitsa ndi theka kakhumi, ndiko kuti 1 pa 1,024. Ukamva choncho ungaganize kuti ng'amba siingachitike. Koma ambiri a inu mukukumbukira chaka cha 2024, pamene mvula inadula pakati pa dzinja chimanga chili m'munda, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 pa 28 a dziko lino ali pa ngozi. Ng'amba imeneyo inabwera ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pasifiki, kutali kwambiri ndi kuno, kumene kumasintha dzinja lonse lathunthu. Chaka chotero chili ndi tebulo lakelake, khomo lake lotulukira ku dzuwa ndi laling'ono. Mungadziwe bwanji kuti tebulo lanu lasiya kugwira? Yerekezani ndi zimene mukuona. Ngati tebulo likuti dzuwa limakhala masiku awiri koma inu mwalemba D khumi ndi awiri motsatizana, khulupirirani kope, ndipo muwerenge tebulo latsopano.

Pali matcheni enanso awiri achilendo amene mungasewere nawo. Choyamba ndi cha usana ndi usiku: pambuyo pa usana nthawi zonse pamabwera usiku, pambuyo pa usiku usana. Makomo onse awiri ndi 1. Thirani nyemba zonse m'mbale imodzi, mudzaona zikungosamuka zonse uku ndi uku osakhazikika. Komabe lamulo lija likupereka 1 pa 2, ndipo n'zoona, nyemba iliyonse imakhala theka la nthawi mbale iyi, theka mbale inayo. Chachiwiri ndi cha mtsuko wadothi, umene ukhoza kukhala wabwino kapena wosweka. Wabwino ukhoza kusweka tsiku lina lililonse, koma wosweka subwereranso. Khomo lake lotulukira ndi 0. Ngakhale mwayi wosweka utachepa motani, nyemba zonse zidzathera m'mbale ya wosweka.

Dzinja likubwerali, ikani chitini pabwalo kuyambira pa 1 Januwale, ndipo muuze mnzanu wa mudzi wina achite chimodzimodzi, makamaka ngati inu muli kumtunda ku Tsangano iye ali kuchigwa ku Kasinje. Pa 1 Febuluwale muwerenge mapeya anu 30, mulembe manambala anayi, muone ngati mzere uliwonse ukukwana 1, kenako mutenge mbale ziwiri ndi nyemba 96 mukasewere pakhonde agogo akuona. Muwafunse kuti kwanuko mvumbi umakhala masiku angati, ndipo yankho lawo mulilembe pambali pa lanu.